Musathamangire sandipepa: mabanga oyera a patebulo

"Tebulo langa la mlombwa lachita mabanga oyera ozungulira pomwe alendo anaikapo makapu a tiyi, ndi banga lalikulu pomwe panakhala poto wotentha. Ndapukuta ndi sopo koma sakuchoka. Kodi ndilipale ndi sandipepa?" Akufunsa choncho ndi mayi wina wa ku Lizulu.

Ayi mayi, chonde, sandipepayo muikeni kaye pansi. Funso lanu landikhudza chifukwa ndinaonapo tebulo labwino likuonongeka motero. Kwathu ku Dedza mayi anga anali ndi tebulo la mlombwa lomwe ankalikonda kwambiri. Pa chinkhoswe cha achemwali, m'nyengo yozizira ya mu Julaye, wina anatula mphika wa mbatata ya kachewere patebulopo popanda choyala. Pochotsa mphikawo panatsala banga loyera ngati mkaka wotayika. M'mawa mwake wachibale wina, pofuna kuthandiza, anapala ndi sandipepa wokhakhala. Banga linachokadi, koma linapita ndi vanishi yemwe, ndiponso khungu lofiirira lija lomwe mlombwa umakhala nalo ukakalamba. Panatsala chigamba chotuwa, chokumbika pang'ono, ndipo vanishi watsopano sanafanane ndi wakale. Mayi anangoliphimba ndi nsalu mpaka kalekale.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti thabwalo linalibe vuto lililonse. Banga likakhala loyera, ndiye kuti chinyezi chatsekeredwa m'kati mwa vanishi, sichinafike pathabwa. Kapu yozizira imachita thukuta ndipo madziwo amalowa pang'onopang'ono. Poto wotentha amafewetsa vanishi, nthunzi ya pansi pake n'kulowa, vanishiyo pozizira n'kuitsekera momwemo. Kuyera mukukuonako ndi chinyezicho. Nchifukwa chake sopo sakuthandizani, mukutsuka pamwamba pomwe vuto lili m'kati, komanso mukuonjezera madzi ena.

Ndinene pano kuti amisiri ena ali ndi mlandu. Amapaka vanishi wosungunula kwambiri, kamodzi kapena kawiri, tebulo liwale msanga pamsewu wogula akopeke. Kuno kozizira ndi kwa nkhungu ena amapaka kunja kuli chinyezi, vanishi n'kuuma ali kale mbuu. Ndimadananso ndi mapulasitiki aja timayala patebulo osachotsa chaka chonse. Madzi akalowa pansi pake alibe potulukira, ndipo ndi momwe banga loyera limasandukira lakuda. Lakudalo ndi nkhani ina: madzi adutsa vanishi, afika pathabwa penipeni, ndipo apo mpomwe kalipentala ndi sandipepa wake amafunikadi.

Chochita ndi banga loyera

Ngati langochitika kumene, lisiyeni masiku awiri kapena atatu pamalo popita mphepo. Ena amazimirira okha. Likakanika, tengani simbi. Chinyezi chinalowa ndi kutentha, chitulukanso ndi kutentha, koma kochepa ndi kouma. Simbi ya magetsi muikhuthule madzi onse, muzimitse nthunzi, muike pa moto wotsikitsitsa. Ya makala idikireni mutamaliza kusita zovala, makala akuzilala, moti mukaigunda ndi chala simukupsa. Yalani nsalu ya thonje yoyera, youma, yopinda pawiri. Chitenje ayi, chingasiye utoto, ndipo nsalu ya nayiloni imasungunuka. Yendetsani simbi pamwamba pa nsaluyo masekondi 5 mpaka 10, osaiimitsa pamodzi, kenako vundukulani muone. Dikirani pazizire, mubwereze. Muona mphete ikuyamba kuduka m'mbali, kuyera kukuchepa. Mabanga a makapu sachedwa, koma la poto lija lifuna kuleza mtima. Mukamva nsalu ikumatirira kapena fungo la vanishi likutuluka, lekani pomwepo, simbi yatenthetsa ndipo ulusi wa nsalu udinda pavanishi.

Pakatsala kachifunga, pakani vaselini wochindikala, agone usiku wonse, m'mawa mupukute. Mafutawo amalowa pomwe panali chinyezi, kuyera n'kuzilala. Zikakanikabe, sakanizani phulusa losefa bwino ndi madontho a mafuta ophikira, mutikite ndi chala chokulunga m'nsalu motsata mizere ya thabwa, mopepuka. Dziwani kuti phulusalo likupala vanishi pang'ono, choncho malowo angachepe kuwala, mudzapake polishi tebulo lonse kuti pafanane. Sipiriti wapepo uja musamuthire, pali mitundu ina ya vanishi yomwe amaisungunula nthawi yomweyo. Ndipo chilichonse mwa izi muyambe mwayesa pamalo obisika, monga kuseri kwa mwendo wa tebulo, chifukwa simudziwa chomwe mmisiri anapaka.