Mavesi okha sangabwezere chambo mu Malombe

"Ndikulemba pepala la kusukulu ya ukachenjede losonyeza kuti chipembedzo chimateteza chilengedwe. Ndili ndi mavesi 20 a m'Baibulo ndi m'Kurani, koma aphunzitsi akuti mulibe mfundo. Ndalakwitsa pati?" Akufunsa motero mnzathu wa kuno ku Mangochi.

Achimwene, aphunzitsi anuwo sanakulakwireni. Vesi limatiuza zimene chipembedzo chimaphunzitsa, silitiuza zimene msodzi amachita akakhala pabwato usiku. Kuno mizikiti ndi matchalitchi zili mudzi uliwonse, koma chambo chidatha mu Malombe anthu akupemphera ndithu. Wowerenga aliyense wa maso adzakufunsani zimenezi, ndiye muzifunse nokha iye asanatero.

Pa mavesi 20 aja sankhanipo atatu kapena anayi okha, ndipo limodzi likhale lokutsutsani. Genesis 1:28 imauza munthu kuti agonjetse dziko ndi kulamulira nsomba za m'nyanja. Mu 1967 katswiri wa mbiri yakale Lynn White adalemba kuti maganizo otere a Chikhristu cha azungu ndiwo adathandiza kuwononga chilengedwe. Mukalibisa vesili, pepala lanu lagwa kale. Liikeni poyera, kenako muliyankhe ndi Genesis 2:15, pomwe munthu aikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ku Chisilamu chitani chimodzimodzi: Sura 2:30 imati munthu ndi khalifa, woimira Mulungu padziko, koma m'vesi lomwelo angelo akufunsa ngati munthuyo sadzawononga. Sura 30:41 ikunena za chiwonongeko pamtunda ndi panyanja chobwera ndi manja a anthu.

Komabe vesi lokuthandizani kwambiri pa nkhani ya nyanja ndi limene ambiri salitchula n'komwe, Deuteronomo 22:6-7. Ukapeza chisa cha mbalame, utenge ana koma make umusiye apite. Ili ndi lamulo la kakololedwe, osati mawu okoma chabe. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, moti khoka likachikokera kumtunda nyengo yoswana, mwapha make ndi ana omwe. Apa vesi ndi ntchito zakumana. Chenjerani pang'ono: lamulolo limalola kutenga ana, choncho musaligwiritse ntchito poletsa kugwira kasawala, ana a chambo. Likuthandizani pa nyengo yotseka nyanja basi.

Chimene chimanditopetsa m'mapepala otere ndi chizolowezi chothamangira kalata ya Papa Fransisko ya 2015 yonena za chilengedwe n'kuimira pomwepo, ngati kuti kalata ikangolembedwa ku Roma maukonde a udzudzu achoka okha m'madzi. Chikalata cha mtsogoleri ndi mawu enanso ofunika kuwayesa, si umboni.

Umboni uli pa Mbenji

Chilumba cha Mbenji chili ku Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ya kumeneko, osati Makanjira wathu wa kuno. Ophunzira ambiri amasokoneza awiriwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 usodzi umatsekedwa pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi safikako, ndipo potsegula pamakhala mwambo wa nsembe kwa mizimu. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa.

Musangolemba kuti "mizimu idateteza nsomba". Funsani kuti chikugwira ntchito n'chiyani kwenikweni. Pali chikhulupiriro, inde. Koma palinso mfumu ya mphamvu, komiti yolondera, ndi malo ang'ono ozunguliridwa ndi madzi omwe n'kosavuta kuona wobwera. Tsono yerekezani ndi Malombe, kumene mu 1993 boma lidayambitsa makomiti a m'madooko kuti asodzi aziyang'anira okha nyanja, koma chambo sichidabwerere mwakale. Anthu a ku Malombe si osapembedza. Kusiyana kuli poti madooko ndi ambirimbiri, mafumu ndi angapo, ndipo lamulo silidamangidwe pa chinthu chomwe onse amachiopa. Ndinene mosabisa: pepala lotamanda Mbenji osatchula za kuletsedwa kwa akazi ndi lachinyengo, chifukwa lamulo lopulumutsa nsombalo lili ndi omwe likuwatsekera kunja.

Mfundo yanu tsono ichepe, ikhale yoti wina angathe kuitsutsa. Mwachitsanzo: chiphunzitso cha chipembedzo chimasintha kasodzedwe pokhapokha chasanduka lamulo lodziwika, lokhala ndi woliyang'anira ndi chilango. Pansi pa chiganizo chimenecho ikani mavesi, kenako Mbenji, kenako Malombe. Ziwerengero za nsomba kazitengeni ku ofesi yoona za usodzi. Mukapita kukacheza ndi ashehe, abusa ndi asodzi, musawafunse ngati amakonda chilengedwe, onse adzavomera. Afunseni kuti ulaliki womaliza wonena za nyengo yotseka nyanja udali liti, ndipo ndani adalandidwa ukonde chaka chatha.