Kalipentala wanga akutuluka ngati chidole: kukonza pulomputi kuti chithunzi chioneke chenicheni

"Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zojambula, ndipo aphunzitsi atipatsa ntchito yopanga chithunzi cha munthu ali pa ntchito yake pogwiritsa ntchito Stable Diffusion XL, kapena SDXL mwachidule, makina a pakompyuta opanga zithunzi kuchokera ku mawu olembedwa. Ine ndikufuna kalipentala wachikulire akupala thabwa, koma chimene chikutuluka ndi munthu wa khungu losalala ngati pulasitiki, mitundu yothobwa m'maso, kumbuyo kukuyaka ngati moto. CFG Scale ndinaikweza kufika pa 12 kuti makina andimvere, koma zinangoipiraipira. Pulomputi, mawu ouza makinawo chimene ajambule, ndinailemba motere:

```
old carpenter in workshop, masterpiece, best quality, 8k, ultra detailed, hyperrealistic, vibrant colors, cinematic lighting, trending on artstation, not cartoon
```

Kodi ndiwonjezere mawu ati?"

Musawonjezere mawu alionse pakadali pano, chifukwa ntchito yoyamba ndi yochotsa. Mukawerenga zigawo khumi zimene mwalembazo, muona kuti chimodzi chokha, choyambacho, ndicho chikunena za chinthu chimene kamera ingathe kujambula. Zisanu ndi zitatu zotsatira zikungotamanda chithunzi chimene sichinabadwe n'komwe, ndipo chomalizacho chikukana chinthu. Makina amenewa anaphunzira poona zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu amene anthu analemba pansi pake, choncho liwu lililonse limakokera chithunzi ku gulu la zithunzi zimene liwulo linkapezeka nazo kawirikawiri. Funso loyenera kudzifunsa pa liwu lililonse ndi lakuti, kodi ndani amalemba liwu limeneli pansi pa chithunzi chake?

Tengani liwu lakuti `hyperrealistic`, limene ophunzira ambiri amalidalira. Munthu amene wajambula agogo ake ndi kamera salemba kuti chithunzicho chikufanana kwambiri ndi munthu weniweni, chifukwa palibe amene akukayikira zimenezo. Amene amalemba liwulo ndi wopenta kapena wopanga zithunzi za pakompyuta, pofuna kuonetsa kuti ntchito ya manja ake yatsala pang'ono kufanana ndi ya kamera. Mukalilemba, mukupempha chinthu chotsanzira chenicheni, ndipo n'chimene mwalandira. Nayo ArtStation ndi malo a pa intaneti pamene akatswiri a zojambula za m'magemu ndi m'mafilimu amaonetsa ntchito zawo, kotero kuitchula n'kuitana maonekedwe a kumeneko. Mawu akuti `vibrant colors` akulamula mwachindunji mitundu yokolera mopitirira, ndipo `cinematic lighting` ndi amene nthawi zambiri amabweretsa kuwala kofiirira ngati moto mbali imodzi ndi mthunzi wobiriwira mbali inayo.

Mawu omaliza aja ali ndi vuto lawolawo. Gawo limene limawerenga pulomputi mu SDXL siligwira bwino mawu okana, choncho mukalemba `not cartoon` liwu limene limamveka kwambiri ndi la katuni lomwelo. Zimene simukuzifuna zili ndi malo ake, bokosi lolembedwa kuti Negative prompt, ndipo kumeneko mumangotchula dzina la chinthucho popanda kukana.

Tsopano tibwere pa 12 uja, pakuti ndikuganiza kuti mbali yaikulu ya kuthobwa kwa mitundu ikuchokera pamenepa. Pa sitepe iliyonse yopanga chithunzi, makina amayerekeza kawiri: kamodzi motsatira pulomputi yanu, kenanso popanda pulomputiyo, kapena motsatira zimene zili mu Negative prompt ngati mwalembamo. Akatero amatenga kusiyana kwa ziwirizo n'kukuchulukitsa ndi nambala ya CFG Scale. Nambalayo ikakula, chilichonse chimene mwapempha chimakankhidwa mopyola muyeso: chofiira chimafiiritsa, chakuda chimaderatu, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mizere yolimba ngati yolembedwa ndi peni, ndipo timitundu tapakati timene timapangitsa khungu kuoneka lamoyo timasowa. Munaganiza bwino kuti kukweza nambalayi kumachititsa makina kumvera, koma chimene anamvera mwamphamvu ndi mawu asanu ndi atatu aja. Mapulogalamu ambiri amayambira pa 7 kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo pa chithunzi chofuna kuoneka ngati cha kamera ine ndimalangiza kuyesa pakati pa 4 ndi 6.

Musanasinthe kanthu, yang'anani bokosi la Seed, nambala imene makina amayambirapo popanga chithunzi. Likakhala pa -1, monga zimakhalira mu AUTOMATIC1111, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsera Stable Diffusion, makina amasankha nambala yatsopano nthawi iliyonse, ndipo simungadziwe ngati chithunzi chasintha chifukwa cha zimene mwakonza kapena mwamwayi chabe. Lembanimo nambala imodzi, mwachitsanzo 1234, ndipo musaikhudzenso mpaka mutamaliza kuyesa. Kukula kwa chithunzi kukhale 1024 kwa 1024, kumene ndi kukula kumene SDXL inakonzedwera. Mukatero pangani zithunzi zitatu ndi pulomputi yakale yomweyo, china pa 12, china pa 7, china pa 5, n'kuziika pamodzi pa sikirini. Muona ndi maso anu kuti ndi gawo liti la vutoli limene likuchokera ku nambala, ndipo chimene chatsala pa chithunzi cha pa 5 ndicho mlandu wa mawu.

Pamenepo fufutani zonse n'kusiya kalipentala yekha ndi malo ake ogwirira ntchito. Chithunzi chimene chidzatuluke mwina chidzaoneka chozizira ndi chosakopa, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amachita mantha n'kubwezera mawu otamanda aja. Musatero. Malo amene atsala opanda kanthuwo mudzazemo zimene wojambula ndi kamera akanaona ataima pakhomo la chipindacho, ndipo choyamba mwa zimenezo ndi kuwala: kukuchokera kuti, ndipo ndi kwa mtundu wanji. Chiganizo chimodzi chonena kuti kuwala kukulowera pa zenera la kumanzere tsiku la mitambo chimagwira ntchito yoposa mawu onse munachotsa aja, chifukwa chimauza makina mbali imene mthunzi ugwere, chimafewetsa mthunziwo, ndiponso chimatsitsa mitundu popanda inu kupempha. Kenaka tchulani zinthu zimene zili ndi zizindikiro za kugwiritsidwa ntchito, monga malaya osuluka, utuchi pa mikono ndi makwinya pa chipumi. Pulomputi yatsopano ikhoza kukhala motere:

```
photograph of a carpenter in his sixties planing a board at a wooden bench, overcast daylight from a window on the left, faded grey cotton shirt, sawdust on his forearms, wrinkled skin, looking down at the board, 50mm lens, muted colors
```

Ndipo mu Negative prompt mukhale mawu ochepa okha:

```
illustration, 3d render, cartoon, oversaturated, airbrushed skin
```

Onani kuti ndalemba kuti munthuyo akuyang'ana pansi pa thabwa. Mukapanda kunena kumene maso ake ali, makina amakonda kumuyang'anitsa kwa woonera, akumwetulira ngati wa pa chikwangwani chotsatsa malonda, ndipo zimenezo zokha zimachotsa chikhulupiriro chakuti munthuyu akugwiradi ntchito. Ndatchulanso lenzi ya 50mm chifukwa ojambula amaigwiritsa ntchito pofuna kuti zinthu zioneke pafupifupi mmene diso la munthu limazionera. Musaganize kuti makina ali ndi lenzi m'kati mwake. Liwulo likungokokera chithunzi ku gulu la zithunzi za kamera, ndipo kutchula maina a makamera atatu okwera mtengo sikuonjezera kanthu. Pa mndandanda wautali wa mawu okana umene anthu amakoperana pa intaneti, wa mawu makumi anayi kapena kuposerapo, ine sindiukhulupirira, pakuti liwu lililonse mmenemo limakankha chithunzi kumbali ina, ndipo chikasokonekera simungadziwe kuti ndi liwu liti lachita zimenezo.

Mudzadziwa bwanji kuti zatheka? Diso limene lakhala likuyang'ana mitundu yothobwa kwa maola angapo limazolowera, choncho musalidalire lokha. Tsegulani chithunzicho mu GIMP kapena Photoshop, pitani pa Histogram, tchati choonetsa kuchuluka kwa malo owala ndi akuda m'chithunzi, ndipo muone mtundu wofiira paokha. Ngati pali mulu wautali wopanikizika kumapeto kwenikweni kwa kumanja, pa 255, ndiye kuti malo ena afiira mpaka kutaya tsatanetsatane yense, ndipo kutsitsa mtundu pambuyo pake sikungabweze zimene zatayikazo. Kenaka kulitsani tsaya la munthuyo. Khungu lenileni silikhala la mtundu umodzi: pali pena poderapo, pena powalirapo, timabowo ndi titsitsi. Pa khungu lakuda chizindikiro cha kukolera mopitirira chimakhala kunyezimira ngati munthuyo wadzola mafuta ambiri, pamodzi ndi kufiirira kumene kulibe pa munthu wamoyo. Pomaliza tsatirani mithunzi. Ngati zenera lili kumanzere, mthunzi wa dzanja ndi wa zida zonse uyenera kugwera kumanja, ndipo mzere wowala wozungulira mutu kuchokera kumbuyo, kumene kulibe zenera kapena nyale, ndi chizindikiro chakuti kuwala kwa m'mafilimu kuja sikunachokeretu.

Pali malire amene pulomputi singadutse. Ngati mwatsitsa CFG Scale, mwakonza mawu, koma maso a munthuyo adakali aakulu ndipo nkhope ikadali yosalala, yang'anani dzina la modelo imene yasankhidwa pamwamba pa sikirini, fayilo yosunga zimene makina anaphunzira. Ambiri mwa mamodelo amene anthu amagawana anaphunzitsidwanso ndi zithunzi za katuni, ndipo ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito ndi anzanu, n'kutheka kuti wina anasiya yotero itasankhidwa, kapena anasiya LoRA ya katuni, kafayilo koonjezera maonekedwe ena pa modelo, ikugwira ntchito. Mawu sangagonjetse zimenezo. Bwererani ku SDXL yoyambirira kapena modelo yophunzitsidwa ndi zithunzi za kamera. Kutsitsa nambala kuli ndi malire akenso, chifukwa mukafika pa 2 kapena pansi pake chithunzi chimayamba kutuwa, zinthu zimasungunukirana, ndipo makina amaiwala zina mwa zimene mwapempha. Manambala ndatchulawa ndi a SDXL wamba. Mitundu yofulumira monga SDXL Turbo inapangidwa kuti izigwira ntchito pa nambala yotsika kwambiri, choncho musatengere 5 kumeneko. Ngati tsiku lina mudzagwiritse ntchito Midjourney, pulogalamu ina yopanga zithunzi, chofananako ndi CFG Scale ndi `--stylize`, imene imakhala pa 100 mukapanda kuisintha ndipo mutha kuiika pakati pa 0 ndi 1000. Kuitsitsa kumachepetsa zokometsera zimene pulogalamuyo imaonjezera yokha.

Chimene chidzakuvutitsani kwambiri pa chithunzi chimenechi ndi manja ndi chida chopalira. Mitundu ikakhala bwino, woonera amayamba kukhulupirira chithunzicho ndipo amachiyang'anitsitsa, choncho chala chachisanu ndi chimodzi kapena chogwirira chimene chalowa m'chikhatho chimaonekera kuposa mmene chinkaonekera pa katuni. Mukakhutira ndi mawu ndi nambala, masulani Seed n'kupanga zithunzi zisanu ndi zitatu kapena khumi, sankhani chimene manja ake ali bwino, ndipo ngati patsala kachilema kakang'ono konzani malo okhawo ndi Inpaint m'malo moyambiranso chithunzi chonse.

Popereka ntchitoyo kwa aphunzitsi, ndikulangizani kuti musapereke chithunzi chomaliza chokha. Ikani pa tsamba limodzi zithunzi zinayi, cha pa 12, cha pa 5 ndi mawu akale, cha mawu ochotsedwa, ndi chomalizacho, ndipo pansi pa chilichonse lembani pulomputi, Seed, CFG Scale ndi dzina la modelo, komanso nenani momveka kuti zapangidwa ndi makina. Tsamba lomwelo mulisunge mu mulu wa ntchito zanu zimene mudzaonetse pofunsira ntchito, chifukwa wokufunsani akadzaloza chithunzi chachitatu n'kufunsa chimene chinasintha pakati pa icho ndi chachinayi, yankho lidzakhala litalembedwa kale pansi pake.