Firiji yogula kumene magetsi amazimazima

Funso: Kwathu kuno magetsi amazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo madzulo amakhala ofooka moti mababu amayaka mozimiririka. Firiji yanga yakale inafa kompuresa. Ndigule ya kampani iti yomwe ingapirire zimenezi, komanso yosadya mayunitsi ambiri?

Yankho: Mayi, dzina la kampani tilisiye kaye. Kampani imodzi imapanga mafiriji osiyanasiyana malinga ndi dziko limene akukagulitsidwa, ndipo makampani ambiri sapanga okha kompuresa, amagula kwa ena monga Embraco, Secop kapena GMCC. Mafiriji awiri a dzina limodzi atha kukhala osiyana kwambiri m'kati. Chimene chingakuuzeni zoona ndi sitika yomwe imakhala kumbuyo kapena m'kati mwa firiji, ndi kabuku kake. Koma kuti mudziwe choyang'ana pamenepo, muyambe mwamvetsa chimene chinapha yakale ija.

Kuzima kwa magetsi pakokha sikupha firiji. Zimene zimapha ndi magetsi ofooka aja, komanso kubwera kwa magetsi atangozima kumene.

Kompuresa wamba imakoka magetsi ochepa ikamayenda, mwina ampu imodzi kapena kuchepera, koma pa nthawi yolira imafuna kasanu kapena kuposa apo kwa kamphindi kochepa. Mphamvu yotembenuzira mota imatsika mofulumira kuposa voteji. Ngati kompuresa inapangidwira 230V ndiye ikulandira 185V, imatsala ndi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake yolilira. Pa 170V imatsala ndi theka lokha ndi pang'ono. Mota ikalephera kutembenuka imangong'ung'udza, waya wake n'kumatentha, mpaka kachipangizo koteteza kotchedwa ovalodi kadule magetsi. Mukamvetsera kumbuyo kwa firiji madzulo mumva kung'ung'udza kwa masekondi angapo, kenako "thi!", bata, ndipo pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu zomwezo zibwerezanso. Mukagwira kompuresa mupeza yotentha yosagwirika, pamene m'kati mwa firiji simukuzizira. Zikachitika chonchi madzulo aliwonse, utoto wotchinga waya wa mota umapsa pang'onopang'ono. Mwina firiji yanu inkalira chonchi kwa miyezi isanafe.

Kubwera kwa magetsi mwadzidzidzi kumachita zofanana ndi zimenezi. Kompuresa ikaima, gasi kumbali imodzi amakhala adakali wopanikizika kwambiri, ndipo pamafunika mphindi zitatu mpaka zisanu kuti mbali zonse zifanane. Nayo rilei yoliza mota imafuna nthawi yoti izizire. Magetsi akangophethira n'kubweranso, kompuresa imayesa kulira ikukankha gasi wolimbayo, n'kukanika.

Ndiye musanapite kukagula, bwerekani malitimita kapena itanani wodziwa zamagetsi, muyeze voteji pa soketi yomwe firiji idzakhalepo. Muyeze m'mawa, masana, ndi madzulo pamene aliyense wayatsa zinthu zake, kwa masiku angapo. Nambala yotsikitsitsa ndi yomwe mukagule nayo firiji. Muyezenso pa soketi ina ya pafupi ndi mita. Mukapeza kuti kumeneko kuli 215V koma pa soketi ya firiji pali 190V, vuto lili m'nyumba mwanu: waya wowonda, chingwe chachitali chowonjezera, kapena polumikiza pokhwepa. Zimenezo mukonze kaye, chifukwa palibe firiji yomwe ingazithetse.

Tiyerekeze kuti mwayeza n'kupeza 228V m'mawa ndi 185V madzulo. Sitika ya firiji zambiri imalemba 220-240V. Kompuresa wamba ya mtundu umenewu imalira bwino mpaka cha m'ma 198V, zina mpaka 187V, ndipo kutsika apo n'kuchita mwayi. Kwa inu, firiji yotereyi payokha siyokwana. Muli ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi firiji ya kompuresa ya inivata, yomwe LG amailemba kuti Smart Inverter ndipo Samsung amati Digital Inverter, makampani enanso ali ndi mayina awo. Imeneyi ili ndi bodi yomwe imalandira magetsi a pakhoma n'kuwasintha isanawapatse mota. Imalira pang'onopang'ono osakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo ikafika pozizira siyizimazima pafupipafupi, nthawi zambiri imangochepetsa liwiro. N'chifukwa chake imapirira voteji yotsika, imadya mayunitsi ochepa, komanso imayenda bwino pa batire kapena jenereta yaing'ono. Komabe musakhulupirire mawu a wogulitsa akuti "iyi siyifuna sitabilaiza", chipangizo chokweza voteji ikatsika n'kuitsitsa ikakwera. Mufunseni akuonetseni m'kabuku ka firiji yomweyo pamene palembedwa voteji yotsikitsitsa ndi yokwereratu. Ngati palembedwa kuti imayambira 160V kapena kutsika apo, 185V yanu ili m'kati. Ngati sipanalembedwe kanthu, itengeni ngati firiji wamba.

Pofooka pa firiji ya inivata ndi bodi yomweyo. Magetsi akabwera mwamphamvu mopyola muyeso, kapena kukagwa mphezi pafupi, bodi ndi yomwe imayamba kupsa, ndipo siyigwira pa firiji ina iliyonse, imafuna yakeyake. Chitsimikizo cha zaka 10 chomwe mumaona atamata pachitseko nthawi zambiri chimakhala cha kompuresa yokha. Bodi imakhala pansi pa chitsimikizo chachifupi cha firiji yonse, ndipo zowonongeka ndi magetsi kawirikawiri amazikana. Apa ndi pamene dzina la kampani limayamba kugwira ntchito: funsani amisiri okonza mafiriji awiri kapena atatu a kumene mukukhala kuti ndi kampani iti yomwe bodi zake amazipeza, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji. Firiji yabwino yomwe ikhala miyezi itatu ikudikira bodi siyikuthandizani.

Njira yachiwiri ndi firiji wamba yopanda bodi, ya kakoloko kozunguza ndi dzanja posintha kuzizira, n'kuigulira sitabilaiza. Zipangizo zake ndi zochepa: temositati, rilei, ovalodi ndi kompuresa, ndipo mmisiri aliyense amazidziwa. Sitabilaiza ikhale yokhoza kunyamula magetsi olilira aja. Kwa firiji ya panyumba ya malita 200 mpaka 300, ya 1000VA imakwana, ndipo ikhale yochedwetsa kuyatsa.

Ine ndikanakhala pamalo panu, ndi voteji yotsika chonchi madzulo aliwonse, ndikanatenga ya inivata yolembedwa voteji yake momveka, bola bodi zake zikupezeka. Kumene bodi sizipezeka, ya wamba ndi sitabilaiza ndi imene ingakukhalitseni.

Pa njira zonse ziwiri, gadi ya firiji musaisiye. Ndi kachipangizo kolowetsa pa soketi, komwe kamadula magetsi akatsika kapena akakwera mopyola malire, n'kudikira mphindi zitatu kapena kuposa kasanayatsenso. Anthu ambiri amasokoneza gadi ndi sitabilaiza. Gadi siyikweza voteji, imangodula. Mukaika gadi yodula pa 190V pa firiji wamba kumene madzulo kumakhala 185V, kompuresa idzatetezeka ndithu, koma firiji idzakhala yozima madzulo onse. Pa firiji ya inivata, sankhani gadi yomwe malire ake a pansi ndi otsika mogwirizana ndi firijiyo, kuopa kuti ingamadule magetsi omwe firiji ikanatha kuyendera.

Tibwere ku mayunitsi. Musayang'ane mawati, chifukwa amangonena zimene firiji imakoka pa nthawi imene ikuyenda. Yang'anani nambala yolembedwa kWh/annum kapena kWh/year, yomwe ndi mayunitsi a chaka chonse. Zilembo ndi nyenyezi za pa sitika zimasiyana dziko ndi dziko, choncho A wa kwina sangafanane ndi A wa kwina, koma yuniti ndi yuniti kulikonse. Tinene kuti mwapeza mafiriji awiri a malita 250, ina yalembedwa 230 ndipo ina 380. Mukagawa ndi masiku 365, yoyamba imadya 0.63 pa tsiku, yachiwiri 1.04. Pa chaka zasiyana ndi mayunitsi 150, chaka ndi chaka mpaka firiji idzathe. Kusiyanaku kumaoneka kwambiri mukadzafuna kuyendetsa firiji pa batire. Batire la asidi la 12V 100Ah limasunga yuniti 1.2, koma yogwiritsa ntchito osaliwononga ndi theka, 0.6. Firiji yoyamba iyenda nalo maola pafupifupi 20 tikachotsa zotayika m'njira, yachiwiri maola 12 kapena kuchepera. Manambala a pa sitika amayezedwa chitseko chili chotseka m'chipinda chosatentha kwambiri, ndiye kunyumba yembekezerani okwererapo.

Pa sitika yomweyo pali mawu akuti Climate class. N ndi SN zinapangidwira malo osapitirira madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Ngati khitchini yanu imatentha, tengani ya T. Ya N pamalo otentha imayenda osapuma, ndipo kompuresa yotentha kale ndi imene imakanika msanga kulira voteji ikatsika.

Chinanso ndi choti firiji imasunga kuzizira nthawi yaitali bwanji magetsi atazima. M'kabuku amalemba Temperature rise time, kutanthauza maola omwe mbali yowumitsa imatenga kuchoka pa -18 kufika pa -9. Ya maola 16 ndi yabwino kuposa ya maola 8, ndipo nthawi zambiri ndi yomwe ili ndi makoma ochindikala ndi labala wa chitseko wogwira bwino. Labalayo muyeseni musanalipire: panani pepala pachitseko n'kulikoka, likatuluka mosavuta ndiye kuti mpweya wozizira uzitulukiranso pomwepo. Mbali ya firiji yosawumitsa imasunga kuzizira maola anayi okha chitseko chili chotseka, pamene filiza yodzaza imatha kufika masiku awiri. Ngati kwanu magetsi amazima maola asanu ndi atatu kapena kuposa, ganizirani za filiza yotsekula pamwamba, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera ndipo sutayika mukatsekula. Mipata yotsala muzidzazamo mabotolo a madzi owumitsidwa, ndipo magetsi akazima mutengeko awiri kapena atatu n'kuwaika pa shelefu ya pamwamba ya firiji.

Za mafiriji olembedwa No Frost, ubwino wake ndi woti sapanga ayezi, koma amatero chifukwa ali ndi fani ndi hita yosungunula ayeziyo, ndipo hitayo imakoka magetsi ochuluka kuposa kompuresa yeniyeni. Zipangizo zotha kuwonongeka zimachulukanso. Kumene magetsi ndi osadalirika, firiji yopanga ayezi m'makoma mwake ili ndi phindu lake, chifukwa ayeziyo amathandiza kusunga kuzizira. Muzingomusungunula akafika pa theka la sentimita, ndipo musamugobe ndi mpeni. Mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, yemwe ndi wosadya magetsi ambiri koma amayaka moto, ndipo mapaipi ake amadutsa pansi pa ayezi pomwepo.

Firiji yatsopanoyo ikafika kunyumba, iimikeni maola osachepera anayi musanayatse kuti oilo abwerere mu kompuresa, makamaka ngati inanyamulidwa chogona. Ikhale pa soketi yakeyake yokhala ndi waya wa pansi wogwira ntchito, ndipo kumbuyo musiye mpata wa masentimita 10 kuti kutentha kuzituluka.