Laputopu ikutentha n'kuzima yokha: yambani ndi fumbi, pesiti abwere pambuyo

"Achimwene, laputopu yanga ya Core i5 ndakhala nayo zaka 4. Masiku ano ikumatentha kwambiri, fani n'kumalira ngati chigayo, kenako n'kuzima phi! osachenjeza, makamaka ndikakhala pa Zoom. Mnzanga akuti ndigule themo pesiti ndipake. Kodi ndingathe ndekha, kapena ndiiwononga?"

Achemwali, mungathe ndithu, koma musathamangire pesiti, kaphala kopaka pakati pa purosesa, yomwe ndi ubongo wa laputopu, ndi chitsulo choiziziritsa. Mwa malaputopu otere amene ndatsegulapo, ambiri vuto lake linali fumbi, ndipo pesiti watsopano sathandiza kanthu ngati mpweya ulibe potulukira.

Musanagwire sikuludiraiva, tsimikizani kaye kuti ndi kutenthadi. Ikani pulogalamu yaulere ya HWMonitor kapena Core Temp, ndipo muone madigiri a purosesa. Laputopu yabwinobwino ikangokhala osagwira ntchito yolemera imakhala chapakati pa madigiri 40 ndi 55. Mapurosesa ambiri a m'malaputopu malire ake ali pafupi ndi madigiri 100. Ikafika pamenepo imayamba yadzichepetsera liwiro, ndipo zikakanikabe imadula magetsi kuti isapse. Kuzima kuja ndi kudziteteza. Ndiye tsegulani Zoom, muziyang'ana nambala. Ikakwera kupitirira 95 kenako n'kuzima, tapeza mwini mlandu. Koma ikazima ili pa 60 kapena 70, siyani zotsegula, mukayang'ane batire ndi chaja.

Palinso kuyeza kwa dzanja, komwe ine ndimakukhulupirira kwambiri. Fani ikamalira choncho, ikani chikhatho potulukira mpweya, m'mbali kapena kumbuyo. Ngati phokoso ndi lalikulu koma kamphepo n'kochepa, njira yatsekeka. Ngati mphepo ikutuluka yamphamvu koma yosatentha kwenikweni pamene purosesa ili pa 90 n'kupitirira, ndiye kuti kutentha sikukuchoka pa purosesa kupita ku chitsulo choziziritsa. Apo ndiye pesiti wauma, kapena chitsulocho chakhwepa.

M'kati muja zinthu zimayenda chonchi: pamwamba pa purosesa pagona kambale ka kopa, kuchokera apo kapaipi ka kopa kamanyamula kutentha kupita ku tizitsulo topyapyala tondondozana ngati mano a chipeso, ndipo fani imauzira mphepo m'mipata mwake. Kambale, kapaipi ndi tizitsulo tija pamodzi amakaniko amati hitisinki. Fumbi limabisala pakati pa fani ndi tizitsulo tija, pamalo amene simungawaone kuchokera panja. Ndi fumbi lathu la m'chilimweli, kuphatikiza ubweya wa bulangete kwa amene amaigwiritsa ntchito pabedi, limalukana n'kukhala ngati kachigamba ka thonje.

Ndinatsegulapo ina ya mphwanga Okutobala wina, imene inkazima pasanathe mphindi 20. Kunja inkaoneka yoyera bwino. Nditachotsa fani, ndinakoka ndi kopanira kansalu kotuwa, kotalika ngati chala changa, katatseka mipata yonse kupatula iwiri kapena itatu kumapeto. Nditangochotsa chimenecho, pesiti ndisanamukhudze n'komwe, madigiri pa ntchito yomweyo anatsika kuchoka pa 98 kufika cha m'ma 80. Pesiti watsopano anachotsaponso ena 6 kapena 7. Mukuona pamene panali phindu lalikulu.

Potsegula, zimitsani kotheratu, zulani chaja, ndipo masulani masikuluu apansi. Ayaleni papepala monga mmene analili pa laputopu, chifukwa ena ndi aatali, ndipo lalitali likalowa pa bowo la lalifupi limatha kuboola pulasitiki wa pamwamba. Chivundikiro chikanuleni pang'onopang'ono ndi khadi lakale la pulasitiki, osati mpeni. Chikangotseguka, choyamba ndi kuzula kawaya ka batire pa bolodi, kenako dinizani batani loyatsira kwa masekondi 15. Chonde musadumphe pamenepa. Sikuluu imodzi ikagwera pa bolodi batire ili yolumikiza, nkhani ya fumbi imasanduka ya kugula laputopu ina. Gwiraninso chitsulo chachikulu, ngati felemu ya zenera, musanakhudze zam'kati, kuti magetsi a m'thupi achoke.

Fani imakhala ndi masikuluu awiri kapena atatu ndi kawaya kakang'ono. Kokani kapulagi kake, osati mawaya. Chotsani chigamba chija, pukutani mapiko ndi kaburashi kofewa, kenako uzirani tizitsulo kuchokera m'kati kupita panja. Mukamagwiritsa ntchito makina ouzira mphepo, gwirani mapiko a fani ndi chala kuti isazungulire, popeza ikathamanga mopitirira muyeso mabelingi ake amatha. Amene amangopopera mphepo pa mabowo laputopu ili chitsekere nthawi zambiri amakankhira chigambacho m'fani momwe, n'kuiimitsa.

Pa malaputopu ena mukhoza kulekera pomwepa, kutseka, n'kuyezanso. Koma pa zaka 4 ine ndingasinthe pesiti, ndipo ngati fani siichoka popanda kunyamula hitisinki, mulibenso kusankha: hitisinki ikangonyamuka, pesiti wakale sabwezeredwa.

Masikuluu a hitisinki kawirikawiri amalembedwa manambala 1, 2, 3, 4. Masulani kuyambira ku nambala yaikulu, pang'onopang'ono pa iliyonse. Ikamakana kunyamuka, ipotozeni pang'ono uku ndi uku mpaka pesiti wouma aleke. Musakoke pogwira kapaipi, chifukwa kakapindika sikagwiranso bwino ntchito. Mupeza pesiti wakale atauma ngati dothi la pachulu. Mupukuteni mbali zonse ziwiri, pa purosesa ndi pa kambale ka kopa, ndi kansalu kosasiya ulusi konyowetsa ndi sipiriti wa aisopuropilo wa 90 peresenti kapena kupitirira. Sipiriti wapepo uja ali ndi utoto womwe umatsalira, ndipo petulo ndi thina zimadya pulasitiki. Osapala ndi chitsulo: purosesa ya laputopu ilibe chivundikiro, kagalasi konyezimira mukukaonako ndi iyo yeniyeniyo.

Mukaona timapadi tofewa ngati labala pa tizipangizo tina pafupi, tisiyeni momwemo. Timatseka mpata waukulu umene pesiti sangakwanitse.

Gulani pesiti wosadutsa magetsi, monga Arctic MX-4 kapena Noctua NT-H1; kachubu ka magalamu 4 kamakwana malaputopu ambirimbiri. Zopaka za chitsulo chamadzimadzi zimene ena amaika m'malo mwa pesiti zisiyeni, zimadutsa magetsi ndipo zimadya aluminiyamu. Mankhwala otsukira mano, omwe ndamva ena akulangizana, amauma msanga n'kukubwezerani pomwe munali. Ntchito ya pesiti ndi kungodzaza timipata tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwiri, choncho wochuluka ngati kambewu kamodzi ka mpunga ndi wokwanira pa kagalasi kakakulu. Ine ndimamuyala mopyapyala mpaka m'makona, chifukwa kona yotsala youma imatentha payokha. Ngati pali kagalasi kachiwiri pambali, kapena chipu ya zithunzi pansi pa hitisinki yomweyo, pakaninso pomwepo.

Tsitsani hitisinki molunjika kamodzi kokha, osainyamulanso kuti musuzumire. Mangani kuyambira 1 mpaka 4, pang'onopang'ono mozungulira kawiri kapena katatu, kuti ikhale mofanana. Ndiye lumikizani kawaya ka fani. Ndikubwereza dala, chifukwa kuiwala kumeneku n'kofala, ndipo laputopu imazima msanga kuposa kale. Batire ibwerere pomaliza.

Mukayatsa, mvetserani ngati fani ikuzungulira, kenako bwerezani ntchito ya Zoom ija kwa theka la ola HWMonitor ili yotsegula. Ikamakhala m'ma 70 kapena 80, mwatha. Ikathamangira ku 95 m'masekondi ochepa, gwirani kapaipi ka kopa mosamala chakumapeto kwake, pafupi ndi fani. Kakakhala kozizira pamene kumutu kwake kukuotcha, kapaipiko kafa, ndipo mufunika hitisinki ina ya mtundu womwewo wa laputopu yanu. Mundilembere nambala ya laputopuyo, ili pa kapepala kapansi, ndi madigiri amene mwapeza musanatsegule.