O kapena ziro pa chithunzi cha akaunti

"Abale, alandilodi anga a ku Matawale anditumizira chithunzi cha akaunti nambala yawo, ndakopera pa chithunzipo koma apu ya banki ikungokana. Penapake sindikudziwa ngati ndi O kapena 0, l kapena 1. Nditani?"

Achimwene, akaunti nambala ya ku banki kuno kwathu imakhala manambala okhaokha, ngati mmene ilili nambala ya foni ija, ndiye chozungulira chilichonse mukuchiona pamenepo ndi ziro, kamtengo koima ndi wani basi. Chakupwetekani ndi kukoperako. Foni ikamawerenga zolemba pa chithunzi imangoona maonekedwe nkuganizira, sidziwa kuti apa pakufunika manambala, ndiye chithunzi chikakhala chosaoneka bwino (WhatsApp imachepetsanso zithunzi, komanso mwina anajambula papepala madzulo magetsi atathima) imaika chilembo pamalo pa nambala.

Tiyerekeze papepala palembedwa 10051702 koma foni yakopera 10O5l702. Ndi maso simungaone kusiyana, koma muli zilembo ziwiri mmenemo. Apu ina imangokana, nkhani yatha, ndipo bola imeneyo. Ina imataya zilembozo mwakachetechete nkutsala 105702, manambala 6 mmalo mwa 8. Nchifukwa chake osamapesita, tayipani nokha pa kiyibodi ya manambala ija poti ilibe O kapena l, mukatha muwerenge kuti alipo angati, mufananize ndi pa chithunzi atatuatatu.

Pamene pamavutadi ndi pa refelensi kapena nambala ya tiranzakishoni, chifukwa kumeneko zilembo ndi manambala zimasakanikirana. Apo kulitsani chithunzicho. Ziro amakhala wowonda ngati dzira, nthawi zina ali ndi kamzere kapena kadontho pakati, pomwe O ndi wonenepa. Wani amakhala ndi kamlomo pamwamba chakumanzere, l ndi kamtengo chabe, ndiye pali I wamkulu amene pa mafoni ambiri safuna kusiyana ndi l olo pang'ono. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi, yang'anani pa chithunzi chomwecho pamene palembedwa deti kapena ndalama, monga K10,000, pamenepo mukudziwa kale kuti ndi wani ndi maziro, ndiye mufananize ndi chokukayikitsanicho. Koma ngati ndi zolemba pamanja njirayi siidalirika kwenikweni, ena wani wawo amachita kuoneka ngati 7.

Alandilodiwo tangowauzani akulembereni nambalayo ngati meseji wamba pamodzi ndi dzina la pa akaunti ndi banki yake, si mwano ayi. Ndipo apu ikakuonetsani dzina la wolandira musanaike PIN, liwerengeni bwinobwino, likasiyana ndi lawo imani pompo muwaimbire. Ndalama ikalowa kwa munthu wina kuibweza kwake ndi kukadandaula ku banki nkumadikira, lendi ija akuifunabe.