Rauta yachiwiri ikulumikiza koma intaneti palibe: vuto si pasiwedi

"Moni achimwene. Rauta yathu ya 4G ili pabalaza, koma wayifayi sifika ku nyumba yakuseri komwe kumagona ana. Ndili ndi rauta ina yakale ya TP-Link. Ndaiika kumeneko n'kulembamo dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za pabalaza. Foni ikulumikiza ndithu, koma intaneti palibe. Ndaphonya pati? Ndikufuna tonse tizigwiritsa ntchito pasiwedi imodzi."

Zikomo bambo polemba. Pasiwedi ya wayifayi ntchito yake ndi kulola foni kulowa pa rauta, basi. Siilumikiza marauta awiri. Marauta okhala ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi sadziwana ngati palibe njira yoti intaneti ichoke kwa woyamba n'kufika kwa wachiwiri. Njira yodalirika ndi waya wa netiweki, uja wa mitu yonga ya telefoni yapansi koma yokulirapo. Pogula funsani Cat5e kapena Cat6, ndipo usapitirire mamita 100 kutalika. Onaninso kuseri kwa rauta ya pabalaza ngati kuli bowo lolembedwa LAN, chifukwa timarauta tam'thumba tambiri tilibe bowo limeneli.

Waya pawokha sukwanira. Rauta iliyonse imabadwa ndi mtima wofuna kulamulira: imagawa maadiresi kwa mafoni onse olowa, ntchito imene pa sikirini imalembedwa DHCP. Marauta awiri akamagawa maadiresi pa netiweki imodzi zimakhala ngati atambala awiri m'khola limodzi. Foni ina ilandira adiresi kwa rauta ya pabalaza n'kupeza intaneti, ina ilandira kwa yakuseri n'kuuzidwa kuti njira yotulukira ndi rauta yomwe ilibe intaneti. Choncho ntchito yonse yagona pa kuivula rauta yachiwiri udindo umenewu, kuti ingotsala youlutsa wayifayi.

Yambani ndi kudziwa adiresi ya rauta ya pabalaza. Lumikizani laputopu ya Windows ku wayifayi yake, tsegulani Command Prompt, mulembe:

```
ipconfig
```

Nambala yomwe ili pa mzere wa Default Gateway ndiyo adiresiyo. Marauta ambiri a 4G a Huawei amakhala pa 192.168.8.1, ndiye tiyerekeze kuti yanu ilinso pomwepo. Lembani nambalayo mu burawuza, lowani, mufufuze pa DHCP kuti muone maadiresi omwe imagawa. Tinene kuti ikugawa kuyambira 192.168.8.100 mpaka 192.168.8.200. Onaninso mtundu wa chitetezo cha wayifayi, monga WPA2-PSK, ndi tchanelo yomwe ili. Zilembeni papepala.

Kenako tengani rauta yakaleyo mubwere nayo patebulo, musanailumikize ku inzake. Dinani kabatani ka Reset ndi chotokosera m'mano, mukagwire kwa masekondi pafupifupi khumi mpaka magetsi ake aphethire. Lumikizani laputopu ku bowo lake la LAN ndi waya waufupi, ndipo muzimitse wayifayi ya laputopuyo kuti musasokoneze rauta yomwe mukulankhula nayo. Adiresi yolowera yalembedwa pa kapepala kapansi pake. Ya TP-Link kawirikawiri ndi 192.168.0.1. Pasiwedi yomwe ifunsidwe apa ndi ya woyang'anira rauta, osati ya wayifayi. Anthu ambiri amakakamira pomwepa polemba ya wayifayi mobwerezabwereza.

Mukapeza Operation Mode ndipo pali Access Point, sankhani pamenepo, chifukwa rautayo imakonza yokha zambiri mwa zomwe ndifotokozezi. Ngati palibe, muchita ndi manja, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuitsata.

Yambani ndi wayifayi. Pa SSID, pomwe pamalembedwa dzina la wayifayi, lembani kaye dzina losiyana, monga `Kuseri`. Ndikudziwa kuti mukufuna dzina limodzi, koma mayina akafanana msanga simungadziwe kuti foni yagwira rauta iti poyesa. Chitetezo chikhale chofanana ndi cha pabalaza: ngati uko ndi WPA2-PSK, kunonso WPA2-PSK. Kwina WPA2 kwina WPA3, mafoni ena amaziona ngati manetiweki awiri osiyana. Pasiwedi ilembeni ndendende, chilembo chachikulu pomwe pali chachikulu. Tchanelo yokha ndiyo iyenera kusiyana. Pa 2.4 GHz matchanelo osapondana ndi 1, 6 ndi 11, ndiye pabalaza pakakhala 1, kuseri ikani 6 kapena 11.

Mukatero pitani pa LAN musinthe adiresi ya rautayo ikhale 192.168.8.2. Manambala atatu oyambawo afanane ndi a pabalaza, yomalizayo ikhale kunja kwa 100 mpaka 200 kuja, kuti isadzaperekedwenso kwa foni ya wina. Rauta izima n'kuyakanso yokha. Lowaninso pa adiresi yatsopanoyo. Ikakana, zulani waya wa laputopu n'kuubwezeretsa. Pomaliza penipeni zimitsani DHCP Server. Ndati pomaliza chifukwa mukayamba ndi kuzimitsa, laputopu isowa woipatsa adiresi yatsopano, ndipo mudzitsekera panja ntchito isanathe.

Tsopano kokani waya uja kuchokera pa LAN ya pabalaza kufika pa LAN ya yakuseri. Bowo la WAN, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wosiyana, lisiyeni lopanda kanthu. Ngati munasankha Access Point, tsatirani bowo lomwe sikirini yakuuzani.

Poyesa, lowetsani laputopu pa `Kuseri` n'kulembanso `ipconfig`. Mukaona adiresi yonga 192.168.8.105 ndipo Default Gateway ndi 192.168.8.1, zatheka. Gateway ikakhala 192.168.8.2, ndiye kuti DHCP yakuseri sinazime. Adiresi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti palibe amene wapereka adiresi: waya waduka, mutu wake sunapanidwe bwino, kapena mwaulowetsa pa WAN. Zonse zikayenda, lowani pa 192.168.8.2 musinthe dzina lifanane ndi la pabalaza. Mafoni onse omwe anasunga kale pasiwedi alowa okha osafunsa.

Pali khalidwe limodzi lomwe lingakudabwitseni. Foni ndiyo imasankha nthawi yosamukira pa rauta ina, ndipo imakonda kukakamira yakale ngakhale yatsala ndi kadontho kamodzi. Mwana akafika kuseri n'kupeza intaneti ikukwawa, azimitse wayifayi pa foni n'kuyatsanso. Zikachuluka, tsitsani mphamvu youlutsira ya rauta ya pabalaza, yolembedwa Transmit Power, ifike pa Medium, ngati rautayo ili ndi malo otero.

Mwina mukuganiza zothawa waya. Ekisitenda, kapena rauta yokhala ndi Range Extender pa Operation Mode, imalumikiza popanda waya, ndipo apa pokha ndi pomwe pasiwedi ya pabalaza imagwira ntchito yomwe munkaiyembekezera: ekisitendayo imalowa nayo pa wayifayi ngati foni, kenako n'kuulutsanso. Koma iyenera kukhala pakatikati, pomwe wayifayi ya pabalaza ikadali ndi mphamvu, osati m'chipinda momwe yatha kale. Ndipo ya 2.4 GHz yokha imadula liwiro pafupifupi ndi theka, chifukwa wailesi yake imodzi yomweyo imamvetsera n'kubwerezanso. Pa nyumba ziwiri za njerwa zootcha, ine ndingasankhe waya. Pakati pa nyumbazo udutseni mu paipi yapulasitiki pansi pa nthaka, osaulendewetsa pamalata, ndipo kukamachita ziphaliwali m'dzinja uzuleni mbali zonse ziwiri.

Tsiku lomwe mudzasinthe pasiwedi ya pabalaza, mwina chifukwa yafalikira kwa oyandikana nawo ndipo bandulo ikutha msanga, kumbukirani kuti rauta yakuseri sidzadziwa. Idzapitiriza kulola anthu ndi pasiwedi yakale, iwo n'kumadya bandulo yomweyo kudzera pa waya. Lembani 192.168.8.2 ndi pasiwedi ya woyang'anira pa kapepala, mumate pansi pa rautayo, kuti mudzathe kulowa n'kusintha konse kuwiri tsiku limodzi.