Ndakatulo yotsegulira msonkhano wa ndalama za madzi

"Loweruka tili ndi msonkhano kuno ku Kanyama wokhudza ndalama za pampopi, ndipo anthu akwiya kwambiri. Andipempha kutsegula ndi ndakatulo. Ndiyambe bwanji?"

Amayi, ikhale yaifupi, ndipo mawu oti "ndalama" kapena "wakuba" asalowemo. Mukangowatchula, mbali imodzi imva kuti mwaiweruza kale. Tchulani zimene onse akuzidziwa, monga mzere wa zigubu m'mbandakucha. Ine ndimaikamonso mzere woti onse aziyankha, chifukwa anthu akayankhira pamodzi phokoso limazilala. Aphunzitseni mzerewo musanayambe:

Tidakumana pampopi tambala asanalire,
zigubu m'manja, ana kumsana.
Onse: Lankhulani, tikumva.
Mvula itadzaza mayadi athu,
madzi sadafunse kuti nyumbayi nja yani.
Onse: Lankhulani, tikumva.
Mutu umodzi susenza denga,
tsono mnzako akatsegula pakamwa,
iwe tsegula khutu.
Onse: Lankhulani, tikumva.

Lakatulani pang'onopang'ono, osaloza munthu chala. Ngati ayankha ochepa koyamba, bwerezani ndime yoyambayo motsitsa mawu, musakuwe. Mukamaliza khalani chete pang'ono, kenako itanani atcheya osawonjezapo ndemanga yanu.